Dzina la "mkaladi" silikwanira onse

"Bwanji anthu amenewa osangovomera kutchedwa makaladi, nkhani ithe?"

Achimwene amene mwafunsa funsoli, maina a anthu obadwa kwa makolo osiyana khungu amasiyana chifukwa kale dzina linkayendera limodzi ndi ufulu umene boma linkapereka. M'chaka cha 1929, khoti lalikulu ku Blantyre linagamula kuti munthu wina wobadwa kwa bambo wachimwenye ndi mayi wakuda sanali "mbadwa" malinga ndi malamulo a atsamunda, ndipo chigamulocho chinavutitsa boma la Nyasaland, popeza msonkho, malo ndi sukulu zinkagawidwa potengera mtundu wa munthu. Nthawi yomweyo kunayambika bungwe la Anglo-African Association, limene mamembala ake anasankha dzinalo pofuna kukumbutsa boma kuti abambo awo anali a ku Britain, kotero ana awo ayenera kupatsidwa maphunziro abwino. Dzina la "makaladi" ankaliona ngati la anthu a ku Cape ku South Africa, amene mbiri yawo ndi ina.

Komatu kumudzi nkhani inali yosiyana. Pakati pa Achewa ndi Ayao mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwana amene bambo wake wachizungu anamusiya ankaleredwa ndi amalume ake, nkukula akudziwa kuti ndi Mchewa kapena Myao, ngakhale khungu lake linali loyererako. Ine ndimaona kuti munthu wotereyu timamulakwira kwambiri tikamamukakamiza dzina limene limafafaniza amayi ake ndi mudzi umene unamulera. Mdzukulu wake akanena lero kuti ndi Mchewa wa ku Dedza, tiyenera kumutchula choncho.