Zamufiriza ziwerengedwe pa miphika, osati pa makilo

Maganizo anga ndi akuti m'nyumba zambiri muno mu Zomba chimene chikutha ndalama ya ndiwo ndi kusadziwa zimene zilipo kale. Mayi apita kumsika waukulu Loweruka, agula shuga ndi nyama. Lolemba bambo poweruka kuntchito adutsa pa Mpondabwino, agulanso shuga ndi nyama, pomwe pansi pa firiza pali nkhuku ya mwezi watha imene palibe akuikumbukira. Mankhwala ake ndi pepala limodzi, koma likhale lolembedwa mwanzeru, chifukwa ambiri amayamba kulemba kenako n'kusiya sabata yachiwiri isanathe.

Chimene chimawagwetsa ulesi ndi kulemba pa makilo. Mukalemba kuti "nyama ya ng'ombe makilo 3", mawa wophika akadulapo, atsala angati? Palibe amene angatenge sikelo kukhitchini. Ndiye nyama ikangofika, isanalowe mufiriza, igaweni m'timajumbo, kajumbo kalikonse kakhale ndiwo ya mphika umodzi. Tinene kuti pabanja la anthu 6 theka la kilo limakwana kudya kamodzi. Makilo 3 aja ndi timajumbo 6. Kalikonse mukaphwatalitse kuti kaume msanga ndiponso kadzasungunuke msanga, ndipo mulembepo dzina ndi tsiku ndi cholembera chosafufutika. Dzinalo musalinyoze. Nyama ya mbuzi ndi ya ng'ombe zikauma n'kuchita chipale zimafanana, ndipo ambiri amazindikira ili kale pamoto.

Papepala, lomata pachivindikiro cha firiza, mulembe dzina la ndiwo ndi timizere tofanana ndi kuchuluka kwa timajumbo. Wotulutsa kajumbo adule kamzere kamodzi nthawi yomweyo. Pensulo muimangirire chingwe pomwepo, apo ayi ana apita nayo kusukulu ndipo kaundula wathera pomwepo. Ntchito yodula kamzere ndi yoti ngakhale mwana wa sitandade 4 kapena wothandiza pakhomo angaichite osafunsa.

Kukabati lamulo ndi lina. Uko werengani zosatsegula zokha. Paketi ya shuga imene yatsegulidwa kale itengeni ngati yapita, ndipo chinthu chilichonse chikhale ndi malire ake oti chikachepera pamenepo ndiye mwagula. Malirewo musawaganizire m'mutu. Potsegula paketi ya shuga kapena botolo la mafuta ophikira lembanipo tsiku, ndipo likatha muone kuti latenga masiku angati. Ngati shuga wa kilo imodzi amatha sabata imodzi ndipo mumagula kamodzi pasabata, malire anu ndi paketi imodzi yosatsegula. Ilipo, shuga asalowe pamndandanda wa zogula, ngakhale mumve mphekesera zoti akwera. Ufa wa m'ndowa suwerengeka choncho, ndiye jambulani mzere kunja kwa ndowa pamene pamatsala ufa wa masiku atatu kapena anayi, nthawi yokwanira kukonola, kuviika, kugayitsa ndi kuyanika. Mgaiwa wokha musagayitse wambiri, chifukwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga ndipo umayamba fungo msanga kuposa ufa woyera.

Tiyeni tione mmene mndandanda wa sabata umatulukira. Banja la anthu 6 lija limadya nsima kawiri patsiku, ndiye pasabata pafunika miphika 14 ya ndiwo, kupatula masamba. Lachisanu madzulo mwayang'ana pepala la pafiriza: nkhuku timizere 2, ng'ombe 3, makumba 1, nyemba zophikaphika 2. Imeneyo ndi miphika 8. Mukabati muli matemba ouma okwana miphika 2 ndi mapaketi a soya okwananso miphika 2. Zonse pamodzi 12. Choti mugule ndi ndiwo ya miphika iwiri basi, kaya mazira kaya mlamba wowamba, kuphatikizapo tomato, anyezi ndi masamba. Munthu amene sanawerenge akanafika pabutchala n'kugula makilo ena awiri poti ndi Loweruka ndipo ndi mmene amachitira nthawi zonse, nyama yatsopanoyo n'kukhala pamwamba, yakale ija n'kumirabe pansi.

Apa ndi pamene tsiku lolembedwa pakajumbo limagwira ntchito. Pokonza zodya za sabatayo yambani ndi chakale kwambiri, ndipo polongedza zatsopano zipite pansi, zakale zibwere pamwamba. Mufiriza yotsegula chapamwamba izi zimavuta ngati zonse zangounjikidwa, ndiye gawani m'majumbo akuluakulu atatu kapena anayi: la nkhuku, la nyama yofiira, la nsomba, la zophikaphika. Kutulutsa jumbo limodzi n'kosavuta kuposa kufukula firiza yonse manja ataumiratu.

Masamba ndi tomato ine sindiona chifukwa chowalembera mukaundula. Zimatha masiku awiri kapena atatu ndipo zimaoneka ndi maso. Zimenezo zingolowa pamndandanda wogulira.

Nkhani ya ogula awiri ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa imakhudza ulemu. Bambo akabwera ndi nsomba zochokera ku Kachulu kapena mpunga wa ku Domasi, palibe angawauze kuti mwalakwa. Koma mndandanda ukhale umodzi, wolemba akhale mmodzi, ndipo chinthu chilichonse chikhale ndi dzina la wokagula pambali pake. Ujambuleni n'kuutumiza pa WhatsApp kwa onse ogula m'nyumbamo, ndipo wogula chinthu anene nthawi yomweyo ali pamsika pomwepo, osadikira kufika kunyumba. Zimene mwatuma munthu koma sizinafike, monga thumba la nyemba lochokera kumudzi, zilembedwe kuti zili m'njira. Zambiri zogulidwa kawiri zimakhala zimenezi: Lachiwiri mwagula nyemba makilo awiri, Lachinayi thumba lafika, ndipo pakutha miyezi iwiri anankafumbwe ayamba kuboola. Chogulidwa mwadzidzidzi chifukwa chatchipa chilowe papepala tsiku lomwelo, ndipo chichotse china pamndandanda wa sabata yotsatira.

Ena amati firiza yodzaza ndi nyama ndiye chitetezo cha pakhomo. Kuno kumene magetsi amazimazima ine ndimati nyama ya masabata awiri yakwana. Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga zinthu zili zouma pafupifupi maola 48 magetsi atazima, pomwe yofika theka imapirira pafupifupi maola 24. Koma kudzazako sikufuna nyama. Mabotolo a madzi oumitsa amagwira ntchito yomweyo, ndipo zikavuta mwataya madzi. Pepala la pachivindikiro limathandizanso apa, popeza simutsegula kuti mungoona zimene zilimo.

Magetsi akabwera patapita nthawi yaitali, gwirani kajumbo kalikonse. Nyama imene ikadali yolimba kapena ili ndi timiyala ta ayezi mkati ikhoza kuumitsidwanso. Imene yafeweratu koma ikuzizirabe ngati yochokera mufiriji iphikidwe tsiku lomwelo, n'kulembedwanso papepala ngati zophikaphika ndi tsiku latsopano. Imene yafunda, yayamba kuterera kapena fungo, itayidwe, ndipo kamzere kake kadulidwe. Mukapeza magazi ataundana pakona imodzi ya kajumbo, dziwani kuti nyamayo inasungunukapo n'kuumanso inu osadziwa, mwina muli kumaliro kapena kumudzi. Imeneyo muifufuze bwino ikasungunuka musanaiike mumphika.

Kamodzi pamwezi, malipiro asanalowe pamene firiza ndi kabati zapepuka, tulutsani zonse muwerenge ndi manja n'kuyamba pepala latsopano. Timizere tikapezeka tochuluka kuposa timajumbo, pali wina akutulutsa osadula, ndipo kawirikawiri amakhala wophika m'mawa mothamangira kuntchito.