Mtsikana wapasukulu akatenga mimba, tisamathamangire kukamutula kwa mnyamata

Lamulo la ku Malawi limawerenga zaka, pomwe mwambo umayang'ana thupi. Mtsikana akatha msinkhu n'kulangizidwa ndi anamkungwi, pamudzi amatchedwa namwali, ndipo ankhoswe saona cholakwa kukamba za banja lake ngakhale ali ndi zaka 15. Mwambowu unakhazikika kale sukulu zisanafike m'midzi, pomwe munthu akakula chomwe chinkamudikira ndi munda ndi banja. Boma likuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kaya wavinidwa kapena ayi.

Lamulolo silinabwere tsiku limodzi. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la maukwati lomwe linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira, kaya ukwatiwo ndi wa kwa DC, wakutchalitchi, wakumzikiti kapena wachinkhoswe. Koma gawo 22 la malamulo aakulu a dziko linkalolabe mwana wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo malamulo aakulu ndiwo amaposa ena onse. Mpata umenewu unatsekedwa mu February 2017 pomwe aphungu anasintha gawolo. Kuyambira pamenepo chilolezo cha makolo chilibenso mphamvu. Komabe kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo chizolowezi chachikulu chotere sichitha chifukwa aphungu avota ku Lilongwe.

Maganizo anga ndi akuti lamulo limagonja pa malo amodzi makamaka: tsiku lomwe mimba yadziwika. Maukwati ambiri a ana sayamba ndi chinkhoswe choti a polisi angachimve n'kukachiletsa. Amayamba ndi kukatula.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16 yemwe ali Sitandade 8. Musadabwe ndi zakazo. Boma limati mwana ayambe sukulu ali ndi zaka 6, koma kumene sukulu ili kutali ambiri amayamba ali ndi 8, n'kubwereza kalasi kamodzi kapena kawiri, motero amatha msinkhu akadali ku pulayimale. Mtsikanayu wapezeka ndi pathupi teremu yachiwiri. Azakhali ake amamupanikiza mpaka atchule mwini mimba. Kenako amalume ndi amayi angapo amamuperekeza kwa makolo a mnyamata, nthawi zambiri madzulo, n'kumusiya komweko ndi mawu akuti mwini katundu asamale katundu wake. Akuchimuna akavomera, amakambirana za chindapusa, ankhoswe amadziwana, basi. Palibe kalata, palibe wansembe kapena shehe, palibe kaundula. Pakatha mwezi, mudzi wonse ukumutchula kuti mkazi wa uje.

Makolowa sikuti onse ndi ankhanza. Akuthawa manyazi a mwana wobadwira pakhomo popanda bambo wodziwika, ndipo akuopa kudyetsa pakamwa pena nkhokwe ili pansi. Kwa iwo kukatula ndiyo njira yokhayo yokakamiza mnyamata kusenza udindo. Apa m'pamene ambiri sadziwa kuti lamulo linawapatsa kale njira ina. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limati bambo ali ndi udindo wosamalira mwana wake kaya anakwatira mayi wa mwanayo kapena ayi, ndipo khoti la majisitireti likhoza kulamula kuti azipereka chithandizo. Lamulo lomwelo limaletsa kukakamiza mwana kulowa m'banja. Ndiye chisamaliro cha khanda n'chotheka kuchipeza popanda kupereka mtsikanayo.

Kusukulu nakonso khomo silinatsekedwe. Kuyambira 1993 Unduna wa Zamaphunziro uli ndi ndondomeko yolola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi. Chofunika kwambiri ndi chakuti makolo apite kwa mphunzitsi wamkulu mimba ikangodziwika, akafotokoze ndi kusiya kalata, kuti m'kaundula mulembedwe kuti mwana wayamba waima chifukwa cha pathupi. Akachira ndipo khanda likafika poti n'kusiyidwa ndi agogo, amalembanso kalata yopempha malo, ndipo ngati akuopa kusekedwa akhoza kupempha kusamukira ku sukulu ina. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti mtsikana amangosowa. Aphunzitsi amaona mpando uli wopanda munthu sabata ziwiri, zitatu, kenako amamulemba kuti anasiya sukulu. Akamadzafuna kubwerera palibe pepala lililonse, mwina mphunzitsi wamkulu uja anasamutsidwa, ndipo mayeso a PSLCE anadutsa kale.

Kusiyana kwa mtsikana amene wakhala kwa makolo ake ndi amene anakatulidwa kumaonekera apa. Ali kwawo, amayi ake akhoza kulera khanda m'mawa iye ali m'kalasi. Ali kwa apongozi, ndi mtengwa: kutunga madzi, kuphika, kumunda, ndipo kuti avalenso yunifolomu mpaka mwamuna ndi apongozi alole. Ndi amuna ochepa amene amalola mkazi wawo kukakhala pa desiki limodzi ndi anyamata. Kawirikawiri mimba yachiwiri imabwera woyamba asanasiye kuyamwa, ndipo nkhani ya sukulu imathera pomwepo.

Pali vuto linanso la umboni wa zaka. Kulembetsa ana obadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, choncho atsikana ambiri amene ali pa msinkhu uwu lero alibe chiphaso cha kubadwa. Nkhani ikafika ku polisi, makolo amangoti mwanayu ali ndi zaka 19, ndipo mboni zonse ndi abale omwe analandira nawo chindapusa. Chomwe chimathandiza ndi buku lakuchipatala la mwanayo la kusikelo, kalata ya ubatizo, kapena kaundula wa sukulu wa chaka chomwe analowa Sitandade 1. Amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu akamva mphekesera, ayambe apeza mapepala amenewa asanapite kwa amfumu, ku ofesi yosamalira anthu, ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena asanaimbe 116, nambala ya foni yothandiza ana.

Mafumu ena anaonetsa kuti mwambo ukhoza kudzikonza wokha. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo inkaimitsa paudindo nyakwawa zomwe zinkalola maukwatiwo m'midzi mwawo. Zinatheka chifukwa wolankhulayo anali mwini mwambo, ndipo nyakwawa imaopa kutaya ufumu kuposa kuopa pepala la boma. Koma kuthetsa banja kokha sikukwanira. Mtsikana akabwezedwa kwa makolo omwe alibe chakudya, opanda sopo, makope kapena womugwirira mwana, pakatha miyezi ingapo amabwerera yekha kwa mwamuna uja, ulendo uno mobisa. Chindapusa chomwe mafumu ena amalipiritsa makolo, mbuzi kapena nkhuku, nachonso nthawi zina chimangophunzitsa anthu kubisa.

N'chifukwa chake ndikupempha mafumu ndi ankhoswe kuti malamulo a m'midzi alunjike pa kukatula penipenipo. Mimba ya mwana wasukulu ikadziwika, mabanja awiriwo akhale pansi pamaso pa amfumu ndi mphunzitsi wamkulu, alembe zomwe akuchimuna azipereka pa mwezi, amene adzalere khanda, ndi teremu yomwe mtsikana adzabwerere m'kalasi. Mtsikanayo agone kwa makolo ake. Ngati mwini mimba ndi munthu wamkulu, kaya mphunzitsi kaya wamalonda, imeneyo si nkhani ya pabwalo la amfumu ayi, ndi mlandu wa ku polisi.