Khadi la mphatso likakanidwa pa tilu, musangochoka mwamanyazi

Abale anga amene muli ku Joni, makamaka inu ogwira ntchito za m'nyumba, za m'munda wa maluwa ndi za m'malesitilanti, ndili ndi mawu pa nkhani ya makhadi a mphatso amene mabwana amakonda kupereka Disembala ikafika. Ambiri a ife khadi likakanidwa pa tilu timangoti "pepani", kubweza katundu n'kutuluka mutu uli pansi, ngati tagwidwa tikuba. Ena amafika poganiza kuti bwana anawapusitsa powapatsa khadi lopanda kanthu. Ine ndikuona kuti timataya ndalama zambiri chifukwa cha manyazi amenewa, pomwe nthawi zambiri vutolo limadziwika ngati munthu wafunsa funso loyenera.

Choyamba kudziwa n'chakuti m'khadimo mulibe ndalama. Kapulasitiki kaja kamangosunga nambala. Ndalama zimalembedwa m'kompyuta ya kampani imene inatulutsa khadilo, pa nambala imeneyo, ndipo chilichonse chochitika chimalembedwa: tsiku limene ndalama zinaikidwa, sitolo imene zinagwiritsidwa ntchito, nthawi yake, ndi kuchuluka kwake. Choncho makina akalemba kuti Declined sakunena kuti mulibe kanthu. Akungonena kuti kompyuta ija sinavomere zimene yafunsidwa, ndipo zifukwa zake zilipo zingapo zosiyana.

Chifukwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chosavuta mpaka chimaseketsa. Makhadi alipo amitundu iwiri. Lina ndi la sitolo imodzi kapena gulu la masitolo a kampani imodzi. Limeneli tilu imaliwerenga yokha, ndipo nthawi zambiri imachotsa zonse zimene zilimo n'kukuuzani zotsala kuti muwonjezere. Lina ndi lija la pamalo aakulu ogulitsira zinthu, lokhala ndi chizindikiro cha Visa kapena Mastercard, limene limadutsa pa kamakina ka banki. Kamakina kameneka sikadziwa kugawa. Tinene kuti m'khadi muli R1,000 ndipo katundu wanu wakwana R1,150. Kashiya akalemba R1,150, yankho likhala Declined kapena Insufficient funds, ngakhale kuti R1,000 yanu ili chikhalire. Choyenera kuchita ndi kumuuza kashiya asanadinde chilichonse kuti, "Pa khadili chotsani R1,000 yokha, R150 ndikupatsani pamanja." Zikatero limadutsa. Koma kuti munene choncho muyenera kudziwa balansi yeniyeni mpaka masenti, chifukwa ngati mwatsala R998.50 inu n'kunena R1,000, likananso. Kumbuyo kwa khadi kumakhala nambala ya foni kapena njira yofunsira balansi, ndipo ndi bwino kufunsa musanayambe kudzaza tolole.

Tsopano nkhani imene imapweteka mtima, ya balansi yochepa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mayi wina walandira khadi la R1,000. Wapita kukagula nsapato za sukulu za mwana pa R380. Kashiya waswaipa, makina azungulirazungulira kenako alemba kuti netiweki yavuta. Waswaipa kachiwiri, zatheka, lisiti latuluka. Mayiyu m'mutu mwake akudziwa kuti kwatsala R620. Patapita masiku awiri akufunsa balansi, akumva R240.

Apa musathamangire kunena kuti kashiya waba. Tengani cholembera: R620 kuchotsa R240 ndi R380. Ndalama yosowayo ikufanana ndendende ndi mtengo wa nsapato zija. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti ulendo woyamba uja uthenga unafika ku kompyuta ya kampani, ndalama inagwidwa, koma yankho silinabwerere ku tilu. Tilu inaona ngati palibe chachitika. Ndalama yotereyi kawirikawiri imakhala yangotsekeredwa, sinalowe m'thumba la sitolo, ndipo imabwerera yokha pakapita masiku angapo. Ikapanda kubwerera, umboni wanu ndi kapepala kaja kamene makina amatulutsa akalephera. Akashiya ambiri amangokakwinya n'kukaponya m'bini. Kapempheni. Kali ndi tsiku, nthawi ndi nambala ya makina, ndipo ndi zimene amene akufufuza adzafune.

Njira yowerengera imeneyi imathandiza pa milandu yambiri. Ndalama yosowa ikakhala yofanana ndi chinthu chimene munagula, ndiye kuti yachotsedwa kawiri. Ikakhala yaing'ono koma yofanana mwezi ndi mwezi, muwerenge timalemba ta kumbuyo kapena ta pa envelopu, chifukwa makhadi ena a Visa ndi Mastercard aja amakhala ndi ndalama yolipiritsa ikadutsa nyengo inayake. Ikakhala yofanana ndi katundu amene munabweza kusitolo, funsani kumene anaibwezera. Masitolo ambiri amabweza ndalama mwa njira imene munalipirira, kutanthauza kuti inabwerera pa khadi lakale lija, limene mwina munataya poganiza kuti latha. Ndiye khadi musamalitaye mpaka mutatsimikiza kuti simubweza kanthu.

Nanga ngati khadi simunaligwiritsepo ntchito n'komwe, koma akukuuzani kuti muli ziro? Apa pali zinthu ziwiri zimene pa tilu zimaoneka zofanana koma n'zosiyana kwambiri.

Makhadi opachikidwa pafupi ndi tilu aja alibe mtengo uliwonse mpaka wogula atalipira ndipo kashiya atalitsegula m'kompyuta. Zimachitika, makamaka pa chipwirikiti cha Khirisimasi, kuti munthu wagula makhadi asanu a antchito ake, ndalama walipira, koma limodzi silinatsegulidwe bwino. Mbiri ya khadi lotere imakhala yoyera, palibe ndalama inalowapo. Bwana sananame, sitolo ndiyo iyenera kukonza, ndipo chimene chimakonza ndi lisiti logulira khadilo, pamene pamalembedwa manambala omalizira a khadi ndi ndalama imene inalipiridwa.

Chinacho ndi umbava. Akuba amatenga makhadi pa shelefu asanagulidwe, amakopera nambala, amakanda kapena kumatula pobisika nambala yachinsinsi, kenako amamata bwinobwino n'kuwabwezera pamalo pake. Akatero amangodikira, akufunsa balansi pafupipafupi. Tsiku limene munthu wagula khadilo n'kuikamo ndalama, iwo amagula nazo zinthu pa intaneti mwini wake asanatsegule n'komwe envelopu. Mbiri ya khadi lotere imaonetsa R1,000 italowa, kenako itatuluka patangopita maola kapena masiku ochepa, pa intaneti kapena m'tauni imene inu simunapondemo. Mukalandira khadi yang'anani kansalu kasiliva kobisa nambala kaja. Ngati kakuoneka komatidwa mopendekera, kapena katoni yake ikuoneka kuti inatsegulidwapo, nenani tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake ndimati kufunsa kashiya kuti "muli zingati?" n'kosakwanira. Kashiya amangoona nambala imodzi pa sikilini yake, ndipo alibe mphamvu yobwezera kanthu. Kukangana naye, pamene mzere wa anthu ukukuyang'anani, n'kutaya nthawi ndiponso kumulakwira, poti nayenso ndi wantchito ngati ife. Tulukani pa mzere, pitani pa tebulo lothandizira makasitomala kapena itanitsani manijala, ndipo pemphani mbiri yonse ya khadi kuyambira tsiku limene linatsegulidwa. Akati iwo sangathe kuiona, imbani nambala ya kumbuyo kwa khadi muli pomwepo, ndipo musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu.

Pali yankho lina limene anthu amapatsidwa n'kulimeza msanga: "khadi lanu linatha nthawi." Ku South Africa lamulo lilipo pa nkhaniyi. Consumer Protection Act ya 2008, imene inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011, pa gawo 63 imanena kuti vocha kapena khadi lolipiriratu silitha mphamvu mpaka ndalama zake zonse zitagwiritsidwa ntchito kapena patadutsa zaka 3 kuchokera tsiku limene linaperekedwa, malinga n'chimene chayamba kuchitika. Sitolo ikhoza kuwonjezera nthawi imeneyi, koma kuichepetsa ayi. Gawo lomwelo limanenanso kuti ndalama imene sinagwiritsidwebe ntchito ndi ya amene wanyamula khadilo, si ya sitolo. Ndiye wina akakuuzani kuti khadi logulidwa chaka chatha lafa chifukwa padutsa miyezi 12, mutchulireni gawo 63 mofatsa. Dziwani kokha kuti izi zikukhudza khadi limene munthu analipira ndalama. Timakuponi taulere ta malonda, timene amakupatsani kuti mudzabwerenso sabata yamawa, n'tina, ndipo tsiku lolembedwapo limagwira ntchito.

Inu a ku Mangalande musatengere zimenezi, kwanuko lamulo la zaka 3 kulibe, tsiku limene sitolo yalemba ndi lomwelo. Komanso kampani ikagwa, amene ali ndi makhadi a mphatso amaikidwa m'gulu la angongole wamba amene amalipidwa kumapeto, ngati chilipo chotsala. Kumeneko khadi si chinthu chosunga m'sutikesi kudikira tsiku labwino.

Chinanso, kwa inu amene mumafuna kutumiza khadi kumudzi: kuona dzina la sitolo lomwelo ku Lilongwe kapena ku Lusaka sikutanthauza kuti khadi la marandi likagwira ntchito kumeneko. Kawirikawiri limagwira m'dziko limene linagulidwa basi. Funsani musanalipereke kwa wa basi.

Mawu anga olemera ndikuwasiyira ogula makhadiwa, kaya ndi mabwana kaya ndi ife tomwe tikamagulira achibale. Timabisa lisiti poopa kuti munthu adziwa mtengo wa mphatso, chonsecho pa khadi mtengo ndiwo mphatsoyo, palibe chobisa. Kupereka khadi lopanda lisiti kuli ngati kugulitsa munthu njinga popanda kalata, tsiku la mlandu alibe pogwira. Ikani lisitilo mu envelopu momwemo, kapena lijambuleni n'kumutumizira pa foni, chifukwa inki ya malisiti a pa tilu imafufutika pakapita miyezi. Inunso wolandira, musaope kubwerera kwa bwana kukanena kuti khadi lakanidwa. Sikunyoza mphatso. Ndalama yake ndi imene yasowa, ndipo ngati analipira ndi khadi la ku banki, sitetimenti yake ikhoza kuthandiza sitolo kupeza malondawo ngakhale lisiti litatayika.

Sitolo ikakana kukuthandizani kapena ikangokhala chete, ku South Africa kuli ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud imene imalandira madandaulo a ogula kwaulere, komanso kuli National Consumer Commission. A Ombud amafuna kuti muyambe mwadandaula kusitoloko kaye, ndiye pokalemba dandaulo lanu mukhale ndi nambala ija munapatsidwa pa foni, chithunzi cha khadi, lisiti logulira, ndi tsiku limene munakanidwa pa tilu.