Foni sinama, chingwe chanucho ndicho chabodza

Lero ndakwiya, ndipo ndilankhula. Alamu anga a ku Chinamwali apereka ndalama zambirimbiri kwa wokonza mafoni wina m'tauni muno kuti awasinthire batire, chifukwa foni yawo imalemba kuti "Charging slowly" akailumikiza ku magetsi. Batire asintha, afika kunyumba, alumikiza, mawu aja ali pomwepo. Abwerera, auzidwa kuti ndiye kuti vuto ndi tchajing'i sisitimu, abwere ndi ndalama zina. Madzulo ano anadzera kwathu ku Matawale akudandaula kuti anawagulitsa foni yakufa. Ine n'kuti, "Alamu, tandionetsani chingwe chomwe mumatchajira." Atulutsa m'chikwama kachingwe kofiira, kowonda ngati ulusi, kautali wa mamita awiri, kogula pamphasa panja pa msika. Ndinatenga chingwe changa, mutu wa tchaja womwewo, foni yomweyo, soketi yomweyo. Mawu aja anazimiririka pompo.

Anthuni, foni sinama. Ikakuuzani kuti moto ukulowa pang'onopang'ono, ndiye kuti ukulowadi pang'onopang'ono, ndipo musanathamangire kukatsegulitsa foni yambani mwakayikira chingwe. Foni ili bwinobwino. Batire lili bwinobwino. Chinthu chotchipa kwambiri pa zonsezo, chomwe munagula mosaganiza kawiri mukudikira minibasi pa depoti, ndicho chikukuzunzani. Koma ife ayi, timatukwana foni, timatukwana magetsi, ena mpaka kunena kuti mwana waigwetsa, chingwe chili phee, palibe wochiloza chala. Wakutsina khutu ndi mnansi. Foniyo ikukutsinani khutu, inu mukuitengera kwa dokotala kuti akaichite opaleshoni.

Mukuganiza kuti foni imadziwa bwanji? Imayeza. Tengani mutu wa tchaja wanu muwerenge timalemba tating'onoting'ono tija. Ambiri mupeza palembedwa 5V ndi 2A. Ndiye kuti mutuwo ukutulutsa mavolti 5 ndipo ungathe kupereka maampu 2, mukachulukitsa ziwirizi ndi mawatsi 10. Koma motowo uyenera kuyenda m'waya kuti ukafike ku foni, n'kubwereranso pa waya wina, ndipo waya aliyense amadyako pang'ono. Waya wonenepa wa kopa amadya pang'ono zedi: pa chingwe chabwino cha mita imodzi, foni ikamakoka 2A, panjira pamatayika pafupifupi 0.2V basi, foni n'kulandira 4.8V, ndipo imasangalala. Tsono opanga zingwe zotchipazi amaba kopa. Amaika tiwaya towonda kwambiri, toyenera kudutsa mauthenga osati moto, n'kukutira ndi pulasitiki wonenepa kuti m'manja chizimveka ngati chinthu. Pa waya wotero, mita imodzi yomweyo, 2A yomweyo, panjira pamatayika mopitirira 0.8V. Foni imaona kuti mavolti agwa kufika cha m'ma 4.2V, ndipo siilola zimenezo. Imachepetsa yokha moto womwe ikukoka mpaka mavolti akwerenso. Imatsika mwina kufika pa 1A, pomwe imalandira pafupifupi 4.6V. Chulukitsani nokha: mawatsi 4.6. Mafoni ambiri a Android akaona kuti zomwe zikulowa sizikufika mawatsi 5 ndi pomwe amalemba "Charging slowly". Palibe ufiti apa. Ndi paipi yowonda yomwe mwalumikiza ku thanki yodzaza, kenako mukudabwa kuti ndowa ikuchedwa kudzaza.

Ndipo cha alamu angacho chinali cha mamita awiri. Kutalika kawiri, kutaya moto kawiri. Timakonda zingwe zazitali kuti tizicheza pa WhatsApp tili gone pabedi, soketi ili kuseri kwa chitseko. Palibe cholakwika ndi chingwe chachitali ngati waya wake ndi wonenepa, koma chachitali, chowonda, chotchipa, zitatu pamodzi? Mwagula mavuto ndi ndalama zanu.

Mwina wina akuti nanga kuchedwa pang'ono kuli ndi vuto lanji. Inu mumakhala ku Zomba kuno kapena kwina? Mafoni ambiri omwe tili nawowa, ma Tecno, ma itel, ma Samsung, ali ndi batire la 5000 mAh. Pa mawatsi 10 limadzaza m'maola awiri ndi theka kapena atatu. Pa mawatsi anayi ndi theka mudikira pafupifupi maola asanu. Ikagwera pansi penipeni, pa mawatsi awiri ndi theka, ndi maola asanu ndi atatu kapena kuposa, ndipo mukamaigwiritsa ntchito ili pa tchaja mudzaona peresenti ikutsika m'malo mokwera. Magetsi akabwera maola ochepa n'kuthimanso, wa chingwe chabwino foni yadzaza, inu muli pa 40. Wa ku Jali kapena ku Songani amene amalipira potchajitsa pa sola, amalipira mtengo wonse n'kutenga foni ya theka. Ndiye mundiuze kuti chingwecho chinali chotchipa.

Kugwera pansi penipeni ndanenako kuli ndi chifukwa chake. M'chingwe cha USB chenicheni muli mawaya anayi: awiri a moto, awiri a mauthenga. Awiri a mauthengawo si a kutumiza nyimbo ku laputopu kokha ayi. Ndi omwe foni imagwiritsa ntchito pofunsa kuti kodi kumapeto uko kuli tchaja yeniyeni kapena kompyuta. Zingwe zina zotchipa zili ndi mawaya awiri okha. Foni ifunsa, palibe woyankha, ndiye imadziteteza, imakoka 0.5A yokha ngati kuti mwailumikiza ku kompyuta yakale. Tchaja za fasiti zomwe zimakweza mavolti kufika 9V nazonso zimayamba zagwirizana ndi foni kudzera m'chingwe momwemo. Chingwe chikakhala chogontha, mutu wanu wa mawatsi 18 kapena 25 womwe munagula modula uja umangokhala chokongoletsa soketi. Kuzindikira chingwe chotere n'kosavuta: lumikizani foni ku laputopu. Ikangotchaja koma laputopu osaiona, mawaya a mauthenga mulibe kapena aduka.

A ma iPhone musaseke, inu ndiye zanu n'zoposa. Mawu aja akuti "This accessory may not be supported" ndawamva akutanthauziridwa zinthu zodabwitsa pakati pa ana a sukulu ku Chikanda: eti foni yalokedwa, eti ndi yakuba, eti yalowa vairasi. Ayi! Chingwe cha Lightning, chomwe ma iPhone akhala akugwiritsa ntchito kuyambira 2012 mpaka pomwe iPhone 15 inabwera ndi USB-C mu 2023, chili ndi kachipangizo kakang'ono kobisika m'mutu mwake. Mukachilowetsa, foni imakafunsa ngati chingwecho n'chovomerezeka. Zovomerezeka zimalembedwa "Made for iPhone" pa katoni. Zafeki zimaika kachipangizo kokopera, kamene kamayankha bwino lero, mawa kalephera, makamaka foni ikangopanga apudeti kapena timano tagolide tija tikayamba kuda. Foni ikapanda kumva yankho lomveka imakana, nthawi zina n'kusiyiratu kutchaja. Ikukana chingwe, sikuti yafa. Mukuzula, kutembenuza, kulowetsanso, kupemerera, kuika buku pansi kuti chipendekeke. Mpaka liti?

Musandimve molakwa, sindikunena kuti nthawi zonse ndi chingwe. Fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimadzaza m'kabowo kotchajira mpaka chingwe osafika kumapeto. Zimitsani foni, tengani kamtengo kotokosera m'mano muchotse mosamala, osati singano kapena pini. Mutu wa tchaja nawo umatha kukhala wabodza, ndipo foni ikatentha kwambiri imachepetsa yokha kutchaja. Koma kuyesa chingwe n'kwaulere. Bwerekani cha mnzanu chomwe mukudziwa kuti chimatchaja bwino, musasinthe china chilichonse, muone ngati mawu aja akhalapo. Akachoka, mlandu watha. Akatsala, sinthani mutu. Akatsalabe, pamenepo ndiye pitani kwa wokonza. Mphindi ziwiri zokha. N'chifukwa chiyani timayambira kumapeto, kodula ndi koopsa, kusiya koyamba kosalipira?

Ndipo chingwe choipa chimadziulula chokha mukachigwira. Patatha mphindi khumi chili pa moto, gwirani kumutu kwake pafupi ndi foni. Chikatentha, moto womwe unayenera kulowa m'batire ukuthera pamenepo. Mukachigwedeza pang'ono foni n'kulira ngati mwazula n'kulowetsanso, timano take tamasuka kapena waya waduka mkati. Chikafa, musanachitaye chiduleni muone. Mupeza titsitsi tingapo towerengeka, ndipo mukatipala ndi mpeni tina timayera mkati chifukwa ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Tina timakakamira ku maginito, kusonyeza kuti ndi chitsulo wamba. Chimenecho ndicho mwakhala mukudyetsera foni yomwe munasungira ndalama miyezi.

Koma amene andikwiyitsa kwambiri si alamu anga ayi, iwo sankadziwa. Ndi inu achimwene okonza mafoni. Munthu wabwera ndi foni ikulemba "Charging slowly", patebulo panu pali zingwe zabwino, pali kamita kaja ka USB koonetsa mavolti ndi maampu, ena mwa inu ndakuonani nako. Kulumikiza n'kuona kuti pa chingwe chanu foni ikukoka bwino kukanakutengerani nthawi yochepa kuposa kumasula sikuluu imodzi. Koma mwaona ndalama ya batire. Mwachotsa batire lenileni lomwe linabwera ndi foni, lopanda vuto, n'kuikamo losadziwika kochokera, n'kumata ndi guluu. Batire lakalelo lili kuti? Simunawabwezere. Mwina mawa mugulitsa kwa wina kuti ndi latsopano.

Nanunso ogulitsa zingwe, paketi iliyonse yalembedwa 5A, ina 6A, ina 100W, mtengo wake wosakwana mbale ya tchipisi. Chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri chimene chimanyamuladi 5A chimayenera kukhala ndi kachipangizo kake mkati kouza tchaja kuti ndingathe, ndipo popanda kameneko tchaja yolongosoka siidutsa 3A. Inu mukugulitsa inki ya pa paketi. Munthu akapempha kuti ayese kaye pa foni yake asanalipire, nkhope n'kukwinya, eti mukatsegula ndiye mwagula. Soketi ili pomwepo kumbuyo kwanu, mwalumikizapo sipika ikuphulika nyimbo tsiku lonse. Mukuopa chiyani?