Batire Yakhuta, Atero Amalume

Banja lililonse lili ndi amalume amene sataya chinthu. Athu anatulukira pa kashopu ka Chisomo mu msika wa Kapata ku Chipata masana a mu Okutobala, foni itamangidwa malegeni ngati katundu wa pa njinga.

AMALUME: Iwe Chisomo, uli ndi guluu? Ndimatire chivundikiro ichi, chikungotseguka chokha.

CHISOMO: Takulandirani amalume. Tabweretsani ndione... Iiih! Foni iyi yatupa chonchi kuyambira liti?

AMALUME: Siinatupe. Yakhuta.

CHISOMO: Yakhuta?

AMALUME: Ndimaichaja usiku wonse. Iwe ukadya nsima usiku wonse mimba ingakhale pamalo pake?

CHISOMO: Amalume, batire siikula ikadzaza moto. Taonani, ndaiika patebulo apa. Mukuona ikugwedezeka ngati mpando wa mwendo umodzi waufupi? Ndipo galasi ili ladzuka m'mbali, chikhadabo changa chikulowa. Batire yatupa m'kati, ndiyo ikukankha zonsezi.

AMALUME: Koma ikuyaka.

CHISOMO: Ikuyaka, inde. Koma m'batiremu muli mankhwala amadzimadzi. Batire ikakalamba, kapena ikamatentha kwambiri, kapena chaja ikamaipatsa moto wosayenera, mankhwala aja amawonongeka n'kusanduka mpweya. Mpweyawo ulibe potulukira, ndiye kathumba ka batire kamafufuma. Ndipo mpweya umenewo umagwira moto.

AMALUME: Basi mpweya? Ndiye vuto lili pati? Ndibwereke singano.

CHISOMO: Ya chiyani?

AMALUME: Tiiboole iphwe. Chithupsa cha Dalitso tinachita chimodzimodzi, pano mwana akusewera mpira.

CHISOMO: Mukaiboola muchokere kaye pa shopu yanga, mukaboolere ku phiri la Kanjala muli nokha. M'katimu muli timapepala tiwiri tokulungidwa pamodzi, ka pulasi ndi ka mainasi, ndipo chotilekanitsa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa ka jumbo yogulira tomato. Singano ikadutsa, tiwiri tija timakhudzana, moto wonse umene mwachaja umatuluka nthawi imodzi. Simupeza ndi mpata woitana amake Dalitso.

AMALUME: Chabwino, singano ayi. Ndikaitsindika ndi mwala usiku umodzi, m'mawa ikhala yawongoka.

CHISOMO: Kutsindika ndi kuboola ndi pachibale. Kapulasitiki kaja kamang'ambika chimodzimodzi. Ngakhale malegeni mwamangawa akuifinya kale. Ndipo mumaiika thumba liti?

AMALUME: La kumbuyo.

CHISOMO: Mwakhalirapo pa njinga kuchokera ku Mchini?

AMALUME: Nanga ndiime ngati ndikuyendetsa ngolo?

(Apa mayi wogulitsa mandasi pafupi anasuntha beseni lake pang'ono.)

CHISOMO: Choyamba tiizimitse. Osaichajanso, ngakhale mphindi 5.

AMALUME: Usazimitse! Ndikuyembekezera foni ya munthu wa ku Katete, ali ndi K400 yanga.

CHISOMO: Simu tichotsa, muiika mu kafoni kanga aka ka mabatani. Manambala amene ali mufoni tiakopera msanga isanazime, kenako basi.

AMALUME: Nanga firiji? Anthu amati ukaiika mufiriji imabwerera.

CHISOMO: Mpweya umene wapangika kale subwereranso kukhala mankhwala. Mukaitulutsa m'firiji ichita thukuta ngati botolo la madzi ozizira, thukuta lija lilowa m'kati, mwaonjezera vuto lachiwiri. Komanso firiji muli nayo, amalume?

AMALUME: Ya aneba.

CHISOMO: Ndiye mukufuna mukawotchere aneba nkhuku zawo.

AMALUME: Iwe ana a masiku ano mumaopa chilichonse. Foni iyi ndinaigula chaka chimene tinapita ku Kulamba ndi agogo ako. Siinandivutitsepo.

CHISOMO: Ndiye yakwanitsa zaka 5. Batire yamtundu uwu ikatha zaka ziwiri kapena zitatu ikuchajidwa tsiku ndi tsiku imayamba kufooka. Yanuyi yagwira ntchito, yapyola ndi penshoni. Tandionetsani chaja yake.

(Amalume anatulutsa chaja yokulungidwa mu kathaulo. Kathauloko kanali konyowa.)

CHISOMO: Bwanji yanyowa?

AMALUME: Imatentha thupi. Ndiye ndimaifunditsa kansalu ka madzi, monga amachitira ku chipatala mwana akatentha.

CHISOMO: Ili pa soketi?

AMALUME: Nanga itenthe ili m'thumba?

CHISOMO: Amalume, kukhoma kumatuluka magetsi a mavolti 230. Kabokosi aka ntchito yake ndi kuwatsitsa afike pa mavolti 5 kapena kupitirira pang'ono, amene foni imalandira. Inu mukuthira madzi pakati pa 230 ndi dzanja lanu. Muli moyo chifukwa cha mapemphero a amake Dalitso.

AMALUME: Chaja iliyonse imatentha. Ngakhale yako.

CHISOMO: Kufunda ndi kwina, kutentha ndi kwina. Chaja yabwino imafunda ngati kapu ya tiyi amene wayamba kupola, mukhoza kuifumbata osamva kanthu. Yanuyi mungaifumbate n'kuwerenga mpaka 10?

AMALUME: Ndimafika pa 3.

CHISOMO: Imalira?

AMALUME: Kaphokoso pang'ono chabe, ngati nyenje.

CHISOMO: Fungo?

AMALUME: La pulasitiki. Koma limatha ukatsegula zenera.

CHISOMO: Taonani apa pamene patuluka timiyendo, poyera pasanduka pa bulauni. Yayamba kale kupsa m'kati. Ndipo taimvani kupepuka kwake, ngati bokosi la machesi lopanda machesi. Munaigula zingati?

AMALUME: K25, pa siteshoni. Mnyamata uja anayamba ndi K40, ndinamugonjetsa.

CHISOMO: Ndiye munapambana mpikisano wogula moto. Zotchipa zotere amachotsamo tizipangizo toteteza, ndiye moto umene zimapatsa foni sukhazikika. Malaiti akabwera ndi mphamvu atathima tsiku lonse, iyo ndiyo yoyamba kuphulika. N'kutheka ndi imeneyi yatupitsa batire.

AMALUME: Mwina vuto ndi soketi ya kunyumba. Usanamizire chaja yanga.

CHISOMO: Apo mwalankhula zanzeru, amalume, ndipo tikhoza kudziwa. Onani pamene pakutentha. Ngati ndi timiyendo tokha, ndipo soketi yada kapena chaja imagwedera ikalowa, soketiyo ndi yofunika kusintha, itanani wamagetsi. Ngati ndi kumapeto kwa chingwe kumene kumalowa mufoni, ndiye chingwe chathyoka m'kati kapena kadzenje ka foni kadzaza fumbi. Koma ngati kabokosi konse kakuotcha pa soketi iliyonse, chaja yatha. Yanu imatentha kunyumba kokha?

AMALUME: Ndi kutchalitchi. Ndi kwa a Banda ometa tsitsi. Anandiletsa.

CHISOMO: Ndiye mlandu watha.

AMALUME: Koma ikuchaja.

CHISOMO: Mumachajira pati usiku?

AMALUME: Pansi pa pilo. Akuba a ku Mchini amawedza mafoni pa zenera ndi ndodo.

CHISOMO: Okutobala uno, nyumba ya malata, foni yotupa, chaja yoyimba ngati nyenje, zonse mwazifunditsa pilo pa matiresi a siponji, mutu wanu pamwamba. Kutentha kuthawire kuti? Foni imachajidwa pamalo olimba, patebulo kapena pansi pa simenti, popita mphepo, munthu ali maso. Chaja ikayamba kuotcha kapena kununkha, mumazimitsa switchi pakhoma, kenako n'kuizula ndi manja ouma.

AMALUME: Iwe, foni kuyaka moto ndi nkhani za pa WhatsApp.

CHISOMO: Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ake onse a Galaxy Note 7 kuti abwezedwe chifukwa mabatire ankayaka, mpaka anawaletsa kukwera nawo ndege. Inali foni yatsopano, yodula, yochokera m'bokosi.

AMALUME: Eya, ine ndege sindikwera.

(Mayi wa mandasi anasamukiratu mzere wina.)

CHISOMO: Chabwino. Tichite chonchi. Batire ndichotsa ine pang'onopang'ono ndi kapulasitiki, osati ndi mpeni. Ndikuikirani yatsopano pa K180, ya ntchito yanga musalipire. Chaja yeniyeni ndikupatsani pangongole.

AMALUME: Batire yakaleyo undipatse, ndikaponya m'mbaula ithe.

CHISOMO: M'mbaula?! Imaphulika, amalume! Ndi kudzala la zinyalala musaitaye, paja mumaliwotcha Loweruka lililonse. M'chimbudzi ayi, ndi ana asaipeze n'kuyamba kuikhoma ndi mwala. Mukuona chitini icho cha penti pakonapo? Muli mchenga wouma. Mabatire otupa onse ndimawakwirira mmenemo, timiyendo take nditamata tepi, chitini chili pamthunzi panja, kutali ndi makatoni. Kunyumba m'phika wadothi wa mchenga ukhoza kugwira ntchito yomweyo podikira kuibweretsa kwa okonza mafoni.

AMALUME: Nanga itayamba utsi ndili nayo?

CHISOMO: Ikayamba kulira kuti tsiii, kapena kutulutsa fungo lotsekemera ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, musaigwirenso ndi dzanja. Tulutsani ana, tsegulani chitseko, utsi wake ndi poizoni, musaupume. Ngati ili pa chaja zimitsani pakhoma kaye, madzi asafike pa magetsi. Ikankhireni panja ndi fosholo ngati mungathe, muithire mchenga. Ndipo ikazima musathamangire kuitola, imatha kuyakanso.

AMALUME: Kutola simu yokha?

CHISOMO: Ngakhale simu.

AMALUME: Ya munthu wa ku Katete?

CHISOMO: AMALUME!

AMALUME: Chabwino, chabwino, usandikalipire pamsika, ndinakusintha matewera ine. Chotsa. Koma usagule batire yatsopano, K180 ndi thumba la ufa. Ndili ndi ina yosungira.

(Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa batire ina. Chisomo anaiika patebulo n'kuikankha ndi chala. Inazungulira ngati nguli.)

CHISOMO: Batire yabwino ndi yafulati, siizungulira. Iyi yatupa kuposa inzake.

AMALUME: Imeneyo ndiye yokhuta kwambiri. Ndinaisunga dala.

Mabatire onse awiri anawakwirira m'chitini. Amalume anaima pambali atavula chipewa, ngati pamanda. Atalipira K50 ndi lonjezo, ananyamuka, anafika pa mzere wa kapenta, n'kubwereranso.

AMALUME: Chaja yanga yakale ija undipatse.

CHISOMO: Ndakupatsani yatsopano, amalume.

AMALUME: Yatsopano ndi yanga. Yakaleyo ndi imene amachajira amake Dalitso.

CHISOMO: Foni yawo ili bwanji?

AMALUME: Yathanzi. Yangoyamba kunenepa pang'ono. Uli ndi malegeni ena?