Mtengo wabwinowu unali kuti ndisananene kuti ndikuchoka?

Ndakwiya abale. Dzulo nditachoka ku ntchito ya usiku ndinakhala pa foni pafupifupi ola lathunthu ndi kampani yomwe imandipatsa intaneti ya m'nyumba kuno ku Mangalande, ndipo chomwe ndimafuna chinali chimodzi basi, kuchoka. Tulo tonse tinandithera pamenepo.

Ndinalowa kwa iwowa pa kontrakiti ya miyezi 18, mapaundi 29 pa mwezi. Kontrakiti itatha, mtengo unakwera wokha kufika pa mapaundi 52. Intaneti yake yomweyo, kabokosi komweko ka pakhoma, palibe chinawonjezeka. Ndalama zimangodulidwa ku banki, ndipo ndazindikira patapita miyezi 7. Mapaundi 23 owonjezera mwezi uliwonse, kwa miyezi 7, ndi mapaundi 161. Ndalama imeneyo kwathu ikanathandiza pa feteleza wa amayi.

Ndiye ndinapeza kampani ina yomwe ikunena mapaundi 27 kwa miyezi 24, ndipo analemba poyera kuti mtengowo susintha mpaka kontrakiti ithe. Ndinaimba kwa akalewa kuti ndatsanzika. Nditangotchula mawu oti ndikuchoka, anandipititsa kwa mnyamata wina wa mawu ozuna. Akuti mayi, ndinu kasitomala wathu wofunika kwambiri, dikirani pang'ono ndione chomwe ndingakuchitireni. Anabwera ndi mapaundi 38. Ndinakana. Anati ndimudikire akalankhule ndi abwana ake. Anabwera ndi mapaundi 24, nati mtengo umenewu ndi wa lero lokha, ndikadula foni sapezekanso.

Apa ndi pomwe magazi anga anawira. Mapaundi 24 amenewa anali kuti miyezi 7 yonseyi? Atuluka kuti lero? Ndiye kuti mtengo wotsika unalipo kale, amangoubisa mpaka munthu atanyamula katundu kuima pakhomo. Amene amalipira mwakachetechete, osadandaula, osachedwetsa ngakhale tsiku limodzi, ndi amene amamudula kwambiri. Amene waopseza ndi amene amamupatsa ulemu.

Koma mverani zomwe zinali m'kati mwa 24 ameneyu, chifukwa ambiri timagwera pomwepa. Ndinamufunsa kuti mapaundi 24 kwa miyezi ingati. Anayamba kuzungulira. Ndinafunsanso. Akuti miyezi 6. Nanga ikatha? Akuti 46. Nanga kontrakiti yake ndi yayitali bwanji? Akuti miyezi 24. Ndinatenga cholembera pomwepo iye ali pa foni. Miyezi 6 ya mapaundi 24 ndi 144. Miyezi 18 yotsalayo ya mapaundi 46 ndi 828. Zonse pamodzi 972. Kampani inayo, 27 kwa miyezi 24, ndi 648. Kusiyana kwake mapaundi 324, ndipo wodula ndi uja amene amamveka wotchipa m'khutu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chomwe amachitcha kukuchotserani mtengo si mphatso ayi, ndi kontrakiti yatsopano. Ndi chingwe. Dzulo ndinali mfulu, kontrakiti yanga inatha kalekale, ndikanatha kuchoka popanda chindapusa. Ndikanangoti eya pa foni paja, ndikanadzimanga zaka ziwiri, ndipo tsiku lofuna kuchoka pakati akanandiwerengera ndalama za miyezi yotsala. Mwezi wa 7 ukafika, bilu yakwera pa 46, ukaimba kudandaula amakuuza kuti mayi munavomera nokha, ndipo mawu anu tinajambula. Nyambo ndi ya miyezi 6, mbedza ndi ya miyezi 24.

Mnyamatayo sindikumuda, anamulemba ntchito yoti anthu asachoke ndipo akugwira. Koma ine si ntchito yanga kumuthandiza.

Ndiye inu amene mukufuna kuimba, funsani zinthu izi ndipo musachite manyazi kubwereza mpaka ayankhe ndi nambala. Mtengo umenewu ndi wa miyezi ingati, ukatha ndidzalipira zingati, kontrakiti ndi ya miyezi ingati, ndipo pakati pa chaka mudzakweza ndi zingati. Funso lomalizali musaliiwale. Kuyambira pa 17 Januwale 2025, bungwe la Ofcom lomwe limayang'anira makampani a foni ndi intaneti kuno linalamula kuti pa kontrakiti yatsopano, ngati mtengo udzakwere pakati, akuuzeni m'mapaundi ndi m'mapeni musanavomere. Ndiye akayamba kukuuzani kuti zidzatengera kukwera kwa zinthu, akaneni, atchule nambala. Mukatero chulukitsani, muphatikize, mupeze ndalama yonse ya kontrakiti. Nambala imeneyo ndiyo yoyerekeza ndi ya kampani ina, osati ya mwezi woyamba.

Ndipo zoti mtengo ndi wa lero lokha zisakuthamangitseni. Munthu wakuchedwetsani ola lathunthu, kenako akuti mulibe mphindi zisanu zoganiza? Muuzeni atumize zonse pa imelo muwerenge muli phee. Akakana kulemba, dziwani kuti pali chomwe sakufuna muchione. Ngati munavomera kale chifukwa cha kutopa, musataye mtima msanga, lamulo la kuno limapereka masiku 14 oti musinthe maganizo pa kontrakiti yomwe mwapangana pa foni kapena pa intaneti. Werengani masikuwo, musadikire bilu yoyamba.

Sindikunena kuti mtengo uliwonse womwe angakupatseni ndi woipa. Akanati 26 kwa miyezi yonse 24 osasintha, atalemba, mwina ndikanakhala, chifukwa kusintha kampani nako kuli ndi chintchito chake. Koma ndikanakhala chifukwa masamu atero, osati chifukwa wina wanditchula kuti wofunika. Kufunika kwanga kunali kuti pomwe amandidula 52?

Chomwe chandipweteka kwambiri n'chakuti foni imeneyi sindimayenera kuimba n'komwe. Kuyambira Seputembala 2024 kuno kuli njira yomwe amaitcha One Touch Switch. Mumangopita kwa kampani yatsopano, iwo ndi amene amauza akalewo, ndipo akalewo amakutumizirani uthenga wonena ngati pali ndalama yotsala yomwe muyenera kuwalipira. Simudutsanso kwa wa mawu ozuna uja. Pa foni ya m'manja n'chimodzimodzi, mumatumiza mawu oti PAC ku 65075, amakupatsani nambala yoti mupereke ku kampani yatsopano, nambala yanu ya foni mumapita nayo. Mnyamata uja ola lonse lija sanatchuleko zimenezi ngakhale kamodzi. Ndinadula foni, ndinalembetsa ku kampani inayo, nkhani inatha m'mphindi zochepa.

Ndipo ndisanaiwale, uthenga uja wochenjeza kuti kontrakiti ikutha. Lamulo limati autumize pakati pa masiku 10 ndi 40 isanathe, ndipo ndafufuza, anatumizadi. Ndaupeza uli pakati pa maimelo awo ambirimbiri otsatsa malonda, mutu wake wofanana ndi enawo. Koma tsiku lomwe ndalama inachedwa kulowa ku banki chaka chatha, anandipeza pa meseji, pa imelo, ndi kalata ya pakhomo, zonse sabata imodzi. Akafuna ndalama yawo njira ya kwanu amaidziwa bwino. Lamlungu ku tchalitchi ndikafunsa amayi achikulire aja amene ndimakhala nawo pafupi kuti akulipira zingati, chifukwa anandiuza kuti sanasinthepo kampani chibwerereni kuno.