Musanagule galimoto, werengani kachitsulo ka nambala, osati dzina lakumbuyo

Maganizo anga lero akupita kwa inu amene mukusunga ndalama zogulira galimoto. Mukafunsa anthu ngati masipeya a mtundu wakutiwakuti amapezeka, ambiri amayankha kuti, "Amenewo ndiye ali mbwee pamsewu, musadandaule." Yankho limeneli limandidetsa nkhawa, chifukwa lagonetsa magalimoto ambiri pamiyala kuseri kwa nyumba. Dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto silikuuzani sipeya imene ingalowe. Zimene zimakuuzani ndi nambala ya chasisi ndi nambala ya injini, ndipo wogulitsa masipeya wodziwa ntchito yake amayamba wafunsa zimenezo.

Titenge chitsanzo cha Toyota Allion yoyamba, imene inapangidwa kuyambira 2001 mpaka 2007. Mutaimika atatu pamodzi, maso anu angaone galimoto imodzi. Koma mukatsegula boneti n'kuwerenga kachitsulo kamene kali m'kati, mupeza kuti ina ndi NZT240, ina ZZT240, ina AZT240. Yoyambayo ili ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, yachiwiri 1ZZ-FE ya malita 1.8, yachitatu 1AZ-FSE ya malita 2.0. Pa nkhani ya masipeya, amenewa ndi magalimoto atatu osiyana.

Injini ya 1NZ-FE anaiika m'magalimoto ambirimbiri: Corolla, Fielder, Probox, Ist, Sienta, Raum ndi ena. Tanthauzo lake ndi lakuti koyilo ikapsa, kapena pampu ya madzi ikayamba kudontha, nthawi zambiri simukusaka ya Allion yokha ayi. Ogulitsa amasunga zinthu zotere chifukwa amadziwa kuti sizikhalitsa pashelefu, ndipo kwa ophwasula magalimoto mumapeza injini zingapo zoti musankhepo. Pamene ogulitsa ali ambiri, mtengo umakambika.

Tsono bwerani kwa AZT240. Injini yake ndi imene amati D-4, yomwe imathira petulo mwachindunji m'kati mwa silinda. Kuti zimenezi zitheke, ili ndi pampu yachiwiri yokankha mafuta mwamphamvu kwambiri, komanso mainjekita akeake. Pampu imeneyo ikafooka, galimoto imavuta kulira, imatsamwa pokwera mtunda, ndipo simungatenge ya Corolla n'kuikamo. Giyabokosi yakenso ndi ya CVT, mtundu wa otomatiki wogwiritsa ntchito lamba m'malo mwa magiya owerengeka, pamene ya NZT240 ndi otomatiki wamba ya magiya 4. CVT imafuna oyilo wakewake. Wina akathiramo oyilo wa otomatiki wamba chifukwa ndi amene anapezeka pafupi, giyabokosiyo imayamba kunjenjemera ndi kuterereka, ndipo makaniko ambiri saitsegula, amangokuuzani kuti mupeze ina yathunthu. Sindikunena kuti galimoto imeneyi ndi yoipa. Ndikunena kuti amene anakuuzani kuti masipeya a Allion amapezeka mwina ankaganiza za 1.5, inu n'kukagula 2.0.

Ngakhale injini itakhala yofanana, musathamange. Allion yachiwiri, imene inayamba mu 2007, ya malita 1.5 ndi NZT260. Injini ndi 1NZ-FE yomwe ija, koma giyabokosi ndi CVT, ndipo nyali, bampala ndi galasi lakutsogolo n'zosiyana ndi za yakale.

Ndiye chochita n'chiyani? Musanapereke ndalama, jambulani kachitsulo kaja ndi foni, kapena mupemphe wogulitsa akutumizireni chithunzi chake. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi nambala yoyamba ndi zilembo ngati NZT240, kenako kamzere ndi manambala ena, pamene opangidwira maiko ena ambiri amakhala ndi nambala ya VIN ya zilembo ndi manambala 17. Mukatero, tengani pepala muyende nalo kwa ogulitsa masipeya atatu kapena anayi a m'dera limene galimotoyo izikakhala, osati kumzinda wakutali kumene mumapita mwa apo ndi apo.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amafunsa fyuluta ya oyilo, mapulagi ndi mapadi a mabuleki, akamva kuti zilipo, mtima m'malo. Zimenezo zimapezeka pafupifupi za galimoto iliyonse, sizikuuzani kanthu. Funsani zinthu zimene zikawonongeka galimoto imaima. Pa pepala lanu lembani giyabokosi, pampu ya mafuta, kompyuta ya injini, sensa ya kalankishafuti, ladiyeta, nyali yakutsogolo ndi galasi lakutsogolo. Nyali ndi galasi ndimazikakamira dala, chifukwa izi sizibwerekana ndi mitundu ina monga zimachitira za mu injini. Mwala umodzi wothawa ku tayala la lole ukhoza kukuimitsani milungu ingapo pamene injini ili bwinobwino.

Ndipo mvetserani bwino mayankho. "Chilipo" ndi "tikhoza kukuitanitsirani" ndi mayankho awiri osiyana kwambiri. Akati chilipo, pemphani muchione, muchigwire, muwerenge nambala ya pabokosi. Masipeya a Toyota amakhala ndi nambala ya zilembo khumi, zisanu kenako kamzere kenako zisanu, ndipo nambala imeneyo ndi imene imatsimikiza kuti chilowa, osati mawu oti "n'zofanana, bwana." Akati aitanitsa, funsani kuti chifika liti, ndalama yotumizira alipira ndani, komanso chikafika chosalowa abweza kapena ayi. Ogulitsa onse akakulozerani kwa munthu mmodzi yemweyo, dziwani kuti mtengo azidzatchula ndi iyeyo, inu muzidzangovomera.

Za kutsika mtengo, ine ndimayang'ana ngati sipeya imodzi ikupezeka m'magulu atatu: yochokera ku kampani yopanga galimotoyo, yatsopano yopangidwa ndi makampani ena odziwika, ndi yochotsedwa pa galimoto ina. Onse atatu akakhalapo, mumasankha molingana ndi thumba la mwezi umenewo. Pakakhala gulu limodzi lokha, mwapanikizika. Yotchipa kwambiri yopanda dzina musaiwerengere ngati yapezeka, chifukwa bolojointi yotha pa miyezi iwiri mumailipira kawiri, pamodzi ndi ntchito ya makaniko, ndipo ikathothoka muli paliwiro ndi moyo wa anthu umene uli pachiswe.

Kenako chitani masamu awiri. Phatikizani mitengo ya zinthu zosintha chaka ndi chaka, monga mafyuluta, oyilo, mapadi ndi mabushi, muone ngati malipiro anu angakwanitse popanda ngongole. Masamu achiwiri ndi a tsiku loipa: mtengo wa giyabokosi yogwirapo kale ntchito kuphatikiza ntchito yoiika. Muuyerekeze ndi mtengo wa galimoto yonse. Mukapeza kuti giyabokosi yokha ikudya gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa galimotoyo, ndipo ndi yochita kuitanitsa, ine ndingakulangizeni muyang'ane ina, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani. Kawirikawiri galimoto ikatchipa modabwitsa poyerekeza ndi zinzake za dzina lomwelo, mwini wake anachita kale masamu amenewa.

Pomaliza pitani kwa makaniko amene azidzaikonza, mumuonetse chithunzi cha kachitsulo kaja. Musamufunse ngati amaidziwa, chifukwa ayankha kuti eya. Mufunseni kuti injini imeneyi anaikonzapo vuto lanji, sipeya anaipeza kuti, ndipo galimotoyo inakhala masiku angati pagalaja ikudikira. Mufunsenso ngati ali ndi makina owerengera zolakwika za mu kompyuta ya galimoto yoteroyo. Akayamba kukanda mutu pa funso la masiku, bwererani kwa wogulitsa mukafunse ngati ali ndi ya injini imene masipeya ake savuta kupeza.